Ngongole nayo imakalamba: kuwerenga lipoti la mainvoisi osalipidwa ndi kudziwa woyamba kumutsata

Kumapeto kwa mwezi, mwini bizinesi yopikulitsa katundu amamva nkhani ziwiri zosagwirizana. Woyang'anira malonda akuti mwezi uno tagulitsa kuposa mwezi watha. Wosunga ndalama akuti za malipiro a antchito sizikukwana, ndipo amene amatipatsa shuga akufuna zawo Lachisanu. Onse awiri akunena zoona. Katundu anatulukadi, koma anatuluka pangongole, ndipo ndalama zake zikadali m'matumba a anthu ena. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Invoisi yosalipidwa ndi fodya wa pachala.

Zikatero akauntanti amatulutsa pepala la manambala lokhala ndi magawo asanu, lomwe m'maofesi amangoliti ejing'i lipoti, n'kuliika patebulo. Ambiri amayang'ana nambala yaikulu ya pansi, n'kugwira pakamwa. Ena amathamangira gawo lomaliza, la ngongole zakalekale, n'kutha sabata yonse akuimbira munthu amene foni yake inazima chaka chatha. Pepalali lili ndi zambiri zoti likuuzeni kuposa pamenepa.

## Lipotili n'chiyani kwenikweni

Invoisi ndi kalata imene wogulitsa amapereka kwa wogula yosonyeza katundu amene watenga, mtengo wake, ndi tsiku loyenera kulipira. Lipoti la msinkhu wa ngongole limatenga mainvoisi onse amene sanalipidwe pa tsiku lina lake, n'kuwasanja m'njira ziwiri nthawi imodzi: mzere uliwonse ndi kasitomala mmodzi, ndipo gawo lililonse ndi kutalika kwa nthawi imene ndalamazo zakhala kunja. Magawo ofala ndi awa: zomwe tsiku lake silinakwane, zochedwa masiku 1 mpaka 30, 31 mpaka 60, 61 mpaka 90, ndi zopitirira masiku 90.

Mayi wogulitsa tomato pamsika amachita zomwezi m'mawa uliwonse. Sawerenga chabe kuti ali ndi madengu angati. Amapatula wosapsa, wakupsa bwino, wofewa, ndi woola, chifukwa mulu uliwonse ukufuna chochita chake. Dengu lodzaza ndi tomato woola n'lodzaza ndithu, koma mulibe ndalama.

Kulemba anthu angongole n'kwakale kwambiri. Mu 1494, ku Venice, Luca Pacioli anasindikiza kafotokozedwe ka kalembedwe ka mabuku a ndalama ka mbali ziwiri, kamene amalonda a ku Italy ankagwiritsa ntchito, momwe munthu aliyense wotenga pangongole amakhala ndi tsamba lake m'buku lalikulu. Kope la ngongole la pa okala limatsata nzeru yomweyo: dzina pamwamba, zimene watenga pansi pake, zimene walipira n'kukhwatcha. Koma tsamba lotere limayankha funso limodzi, lakuti uyu ali ndi zingati. Siliyankha kuti ngongole zonse pamodzi zikukalamba motani. Makompyuta asanabwere, kalaliki ankayenera kutsegula tsamba ndi tsamba n'kumawerenga masiku pamanja, ntchito yotopetsa imene sinkachitika kawirikawiri. Lero ndi batani limodzi. Mu QuickBooks lipotili limatchedwa `A/R Aging Summary`, mu Xero ndi `Aged Receivables Summary`, ndipo mapulogalamu onse awiri ali ndi lina latsatanetsatane losonyeza invoisi iliyonse payokha. Lachidule limakuuzani pamene pali vuto. Latsatanetsatane ndilo mumakhala nalo m'manja poimba foni.

## Masiku awerengedwe kuchokera pati

Apa ndi pamene anthu a muofesi imodzi amakangana akuyang'ana pepala limodzi. Msinkhu wa invoisi ungawerengedwe kuchokera tsiku limene inalembedwa, kapena kuchokera tsiku limene inayenera kulipidwa.

Tengani invoisi yolembedwa pa 10 Meyi, yokhala ndi pangano la masiku 30. Tsiku lake lolipira ndi 9 Juni. Pofika pa 30 Juni, yakhala masiku 51 chilembedwere, koma yachedwa ndi masiku 21 okha. Njira yoyamba iiponya m'gawo la 31 mpaka 60, yachiwiri m'gawo la 1 mpaka 30. Tsopano ngati kasitomala yemweyo munapangana naye masiku 60, tsiku lake ndi 9 Julayi, ndiye kuti sanachedwe n'komwe. Kumuimbira mwaukali chifukwa lipoti likuti masiku 51 ndi kudziputira mkangano ndi munthu amene sanalakwe.

Njira zonse ziwiri zili ndi ntchito yake. Kuwerenga kuchokera tsiku lolembedwa kumasonyeza nthawi imene mpamba wanu wakhala m'manja mwa ena, ndipo wosunga ndalama amafuna kudziwa zimenezo. Kuwerenga kuchokera tsiku lolipira kumasonyeza amene waphwanya pangano, ndipo wotolera ngongole amafuna zimenezo. Mapulogalamu ambiri amalola kusankha. Chofunika n'kuyang'ana pamwamba pa lipoti kuti lagwiritsa njira iti, ndi kusasintha njira pakati pa mwezi ndi mwezi.

Amene amalemba mu Excel angachite chonchi: tsiku la lipoti liikidwe mu `H1`, tsiku lolipira mu `D`, ndalama zotsala mu `E`, ndipo masiku ochedwa atuluke mu `F`. Pa mizere iwiri ili m'munsiyi, woyamba ulembedwe mu `F2` n'kukoperedwa kutsika m'munsi, ndipo wachiwiri umaphatikiza gawo la 31 mpaka 60.

```
=$H$1-D2
=SUMIFS(E:E,F:F,">30",F:F,"<=60")
```

Lembani tsiku lenileni mu `H1` m'malo mwa `TODAY()`. Mukapanda kutero, lipoti la Juni lidzasintha lokha mukadzalitsegula mu Ogasiti, ndipo simudzakhala ndi choyerekezera.

## Lipoti limodzi patebulo

Tiyerekeze sitolo yopikulitsa shuga, mafuta ophikira, ufa ndi sopo ku Limbe, imene imapereka masiku 30. Nali lipoti lake la pa 30 Juni, lowerengedwa kuchokera tsiku lolipira. Manambala ali m'mamiliyoni a kwacha, ndipo ndi achitsanzo chabe.

| Kasitomala | Tsiku silinakwane | 1–30 | 31–60 | 61–90 | Kupitirira 90 | Zonse |
|---|---|---|---|---|---|---|
| Sitolo yaikulu, Zomba | 5.0 | 4.0 | 0 | 0 | 0 | 9.0 |
| Sukulu yogonera, Thyolo | 0 | 0 | 2.0 | 4.0 | 0 | 6.0 |
| Golosale, Mulanje | 1.5 | 1.5 | 1.5 | 1.0 | 0 | 5.5 |
| Malo ogona alendo, Mangochi | 1.8 | 0 | 0 | 2.4 | 0 | 4.2 |
| Kontirakitala | 0 | 0 | 0 | 0 | 3.0 | 3.0 |
| Bungwe lothandiza anthu | 2.0 | 0 | 0 | 0 | 0.3 | 2.3 |
| Zonse | 10.3 | 5.5 | 3.5 | 7.4 | 3.3 | 30.0 |

Mzere wa pansi ukuti K30 miliyoni ili kunja, koma K10.3 miliyoni ya zimenezo sinachedwe. Zochedwa ndi K19.7 miliyoni. Mu bizinesi imene ikutolera bwino, manambala amachepa pamene mukupita kumanja, ngati phiri lotsetsereka. Apa akutsika kuchoka pa 10.3 kufika 5.5 kenako 3.5, kenaka n'kukweranso kufika 7.4. Chitunda cha pa 61 mpaka 90 chimenecho ndicho choyenera kufunsa.

Koma nkhani yeniyeni ili m'mizere yopingasa, chifukwa mzere uliwonse uli ndi maonekedwe ake, ndipo maonekedwewo amaulula chifukwa chimene munthu sanalipirire.

Onani wa ku Mangochi. Ali ndi ngongole yatsopano, magawo awiri apakati mulibe kanthu, kenako K2.4 miliyoni yakhala yokha kutali. Munthu wopanda ndalama salipira chonchi. Uyu walipira mainvoisi awiri amene anabwera pambuyo, n'kudumpha imodzi mwadala. Pali chimene chinamunyansa pa invoisi imeneyo: katundu anafika wosakwana, mtengo unasiyana ndi umene anauzidwa, kapena pepalalo silinafike kwa wolipira.

Wa ku Mulanje ndi wosiyana. Gawo lililonse lili ndi kanthu, ngati masitepe. Mwezi uliwonse akutenga katundu wa K1.5 miliyoni, akulipirako pang'ono pa ngongole yakale kwambiri, n'kutenganso. Chithunzi ichi n'cha munthu amene mpamba wake ukutha ndipo akuyendetsa golosale yake ndi katundu wanu.

Sukulu ya ku Thyolo sinatenge kanthu posachedwa, ndipo ngongole yake yonse ikukalamba pamodzi. Sukulu zimapeza ndalama teremu ikayamba, makolo akalipira fizi, choncho kuchedwa kwake kumatsata kalendala. Wa ku Zomba ndi wamkulu pa onse koma wangochedwa kumene. Kontirakitala wakhala chete nthawi yaitali; lipoti latsatanetsatane likusonyeza kuti invoisi yake yatha miyezi 14, zimene gawo lakuti kupitirira 90 limabisa, chifukwa limaika wa masiku 95 ndi wa masiku 400 m'thumba limodzi.

## Musanaimbire aliyense, yeretsani lipoti

Lipoti limangobwereza zimene zinalowetsedwa m'mabuku. Palibe chochititsa manyazi muofesi ya ndalama choposa kuimbira kasitomala mwamphamvu iye n'kukutumizirani chithunzi cha lisiti la kubanki la masabata atatu apitawo. Tsiku limenelo mwataya mphamvu zanu, ndipo ulendo wina mukadzaimba adzangoti kaoneninso mabuku anu.

Choyamba, nambala ya pansi ifanane ndi ya ngongole za makasitomala m'buku lalikulu pa tsiku lomwelo. Zikasiyana, pali china chimene chinalembedwa uku osalembedwa uko.

Chachiwiri ndi ndalama zimene zinalowa koma sizinalumikizidwe ndi invoisi. Munthu watumiza mnyamata wake kukaika ndalama kubanki, mnyamatayo n'kulemba dzina lake. Wina watumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ndi nambala ya akazi ake. Ndalama zili m'akaunti, koma invoisi ikuonekabe yosalipidwa ndipo ikukalamba. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: nambala yokhala ndi kamzere kochotsera m'gawo loyamba, ndi nambala yofanana nayo m'gawo lakutali pa mzere womwewo. Zikakhala choncho, malipiro anafika kwa kasitomala woyenera koma sanathiridwe pa invoisi yake.

Chachitatu ndi timanambala ting'onoting'ono tokakamira. Bungwe la m'chitsanzo chathu limalipira pa nthawi yake, nanga K300,000 yopitirira masiku 90 yachokera kuti? Lipoti latsatanetsatane likusonyeza zotsalira khumi za K30,000, chilichonse pa invoisi ya K1 miliyoni. Munthu sachita kuiwala ndalama yofanana kakhumi. Umenewu ndi msonkho umene wogula amadula pa malipiro n'kukapereka ku MRA m'dzina la wogulitsa. Bungwelo lilibe ngongole. Chimene chikusowa ndi satifiketi yosonyeza kuti msonkhowo unadulidwa, imene wogulitsa adzaigwiritsa ntchito pochotsera pa msonkho wake. Ntchito imeneyi ndi ya wolemba mabuku, osati ya wotolera ngongole.

Pali chinanso chimene mwini bizinesi ayenera kuchidziwa ngakhale sichikoma kuchinena. Lipoti likhoza kutsitsimutsidwa mwachinyengo. Invoisi yakale imafafanizidwa n'kulembedwanso ndi tsiku latsopano, kapena ndalama za kasitomala uyu zimathiridwa pa ngongole ya uyo kuti gawo lakumanja lioneke loyera. Zimachitika makamaka pamene munthu mmodzi ndiye amalandira ndalama, kulemba mabuku, ndi kutulutsa lipoti. Mankhwala ake ndi kutumiza sitetimenti kwa kasitomala aliyense mwezi ndi mwezi, kudzera kwa munthu wina, ndi kuonetsetsa kuti invoisi iliyonse yofafanizidwa yasainidwa ndi wamkulu.

## Woyamba ndani Lolemba m'mawa

Pali njira ziwiri zimene anthu amazolowera. Ena amayamba ndi yakale kwambiri, poganiza kuti ndiyo ili pangozi. Ena amayamba ndi yaikulu kwambiri, chifukwa ndiyo ingatseke dzenje msanga. Yoyamba ingatipititse kwa kontirakitala, yachiwiri ku Zomba. Zonse zili ndi nzeru, koma iliyonse ikuyang'ana chinthu chimodzi. Funso lothandiza kwambiri ndi lakuti: ola limodzi la ntchito yanga lero lingapulumutse ndalama zingati zimene zikanatayika kapena kuchedwa ndikanakhala chete? Namwino wa pachipatala salowetsa odwala potsata amene anafika m'mawa kapena amene ali wamkulu thupi. Amayang'ana amene akutaya magazi.

Pa lipoti lathu, wotaya magazi ndi golosale ya ku Mulanje. Si wamkulu pa onse, si wakale pa onse, koma ndi yekhayo amene ngongole yake yoipa ikukulirakulira ndi chilolezo chanu. Chochita choyamba si foni n'komwe, koma kupita kumalo opakira katundu lole isananyamuke n'kuimitsa oda yake. Kenako kukambirana. Mwa K5.5 miliyoni, K4 miliyoni yachedwa kale. Njira imene amalonda ambiri amatsata ndi kusamutsekera pakhomo, koma kumuuza kuti kuyambira lero katundu watsopano ndi wa kashi, ndipo pa oda iliyonse aziwonjezerapo ndalama yodziwika yochotsera ngongole yakale. Akamatenga kawiri pa mwezi n'kumawonjezera K500,000 ulendo uliwonse, ngongole yonse itha m'miyezi isanu ndi theka, ndipo golosale yake ikhalabe ndi katundu wogulitsa. Mukangomutsekera, apita kwa wopikulitsa wina ndi kashi amene akanakupatsani inu. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndipo asaine.

Wachiwiri ndi wa ku Zomba, chifukwa K4 miliyoni ikhoza kulowa ndi foni imodzi. Ngongole yochedwa masiku ochepa imatoleredwa mosavuta: katundu akukumbukika, mapepala ali pafupi, ubale sunawonongeke. Ndipo pambuyo pake pali K5 miliyoni ina imene ikubwera. Akazolowera kuti mumakhala chete, nayonso ichedwa. Foni yake si yaukali.

"Muli bwanji mayi? Ndikuimba kuchokera ku Limbe. Ndili ndi invoisi ya pa 19 Meyi ya K4 miliyoni, tsiku lake linali 18 Juni. Ndimafuna ndimve ngati inakupezani bwinobwino."

"Inafika bambo, koma abwana amene amasaina anali kumaliro."

"Pepani kwambiri. Nanga abwerera liti, kuti ndilembe tsiku loti tiyembekezere?"

Mwaona zimene zachitika: nambala yatchulidwa, tsiku latchulidwa, ndipo foni sikutha popanda tsiku lenileni. Mawu akuti tiona sabata ya mawa si pangano. Lachinayi pa 3 ndi pangano, ndipo limalembedwa pambali pa mzere wake pa lipoti, kuti Lachisanu m'mawa mudziwe ngati lasungidwa.

Wachitatu, tsiku lomwelo, ndi wa ku Mangochi. Mukafunsa mupeza, mwachitsanzo, kuti makatoni ena a mafuta a K150,000 anafika akudontha, iye anauza dalaivala, dalaivala sanauze aliyense. K2.4 miliyoni yakhala miyezi iwiri ndi kupitirira chifukwa cha K150,000. Kalata yochotsera ndalama imeneyo pa invoisi, imene amaiti kirediti noti, ikatuluka, K2.25 miliyoni imamasuka. Ngongole zotere zimandipweteka mtima kuposa zonse, chifukwa wozichedwetsa amakhala wogulitsa mwiniwake. Makalata khumi okumbutsa sangathandize pamene munthu akudikira yankho la dandaulo lake.

Sukulu ikubwera pachinayi ngakhale ili ndi K6 miliyoni. Kuimbira tsiku lililonse sikungabweretse fizi imene makolo sanalipire. Chofunika ndi ulendo umodzi wokakumana ndi wosunga chuma wa sukuluyo, kalata yovomereza ngongole yonse, kulipirako gawo tsopano, ndi tsiku lolembedwa la m'masabata oyamba a teremu yotsatira, ndalama zisanagawidwe kwa ena. Katundu wa teremu yatsopano asatuluke yakale isanathe.

Kontirakitala sali pa mndandanda wa mafoni. Nkhani yake ikufuna chigamulo cha mwini bizinesi: kalata yomaliza yopereka masiku owerengeka, kenako loya kapena khoti, kapena kuvomereza kuti zinatayika. Chigamulocho chidalira mapepala amene alipo, monga oda yake ndi pepala limene anasaina polandira katundu, komanso ngati munthuyo ali ndi katundu woti khoti lingagwire. Amati mlandu suola, koma pa malamulo ngongole ili ndi malire a nthawi yokasumira. Ku Malawi ndi ku England, mlandu wochokera pa pangano wamba uyenera kupita kukhoti zisanathe zaka zisanu ndi chimodzi, pomwe ku South Africa ngongole zambiri zamalonda zimatha mphamvu pakapita zaka zitatu. Amene amagulitsa kutsidya la malire asaiwale kusiyana kumeneku.

Mwa K19.7 miliyoni yochedwa, sabata imeneyi ikhoza kubweretsa K6.25 miliyoni ya ku Zomba ndi ku Mangochi, kutseka pobowoka pa Mulanje, ndi kuchotsa K300,000 imene sinali ngongole. Sabata yomweyo ikanathera pa kontirakitala, mwina sipakanalowa ngakhale tambala.

## Mtengo wa kudikira

Ngongole imene idzalipidwa ndithu nayonso imadya phindu ikamachedwa. Ngati sitolo ya ku Limbe ikukongola kubanki kuti igule katundu wina, tinene pa chiwongoladzanja cha 3 pa 100 pamwezi, K4 miliyoni yochedwa mwezi umodzi ikudya K120,000. Pa katundu ngati shuga, amene phindu lake ndi lochepa, miyezi iwiri kapena itatu yotere imatha kumaliza phindu lonse la odayo.

Ogulitsa katundu wochokera kunja anaona zina zoposa apa mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, dola kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika K1,700. Invoisi ya K1.7 miliyoni imene ikanagula katundu wa madola pafupifupi 1,440 ikanalipidwa mu Okutobala, inagula wa madola 1,000 okha italipidwa mu Disembala. Kasitomala analipira zonse, koma shelefu sinadzaze ngati kale.

## Malipoti awiri amanena zoposa limodzi

Lipoti limodzi lili ngati chithunzi cha mtsinje: mukuona madzi koma simukudziwa ngati akukwera. Ikani la Meyi pambali pa la Juni. Ndalama zimene zinali m'gawo la 1 mpaka 30 pa 31 Meyi, ngati sizinalipidwe, zasamukira m'gawo la 31 mpaka 60 pa 30 Juni. Tinene kuti mu Meyi gawo limenelo linali ndi K5 miliyoni, ndipo mu Juni gawo lotsatira lili ndi K3.5 miliyoni. Ndiye kuti K70 pa K100 iliyonse sinatoleredwe mwezi wonse. Mukatsata nambala imeneyi kwa miyezi ingapo mudzaona pamene ngongole zanu zimathawira, ndipo mudzadziwa ngati wotolera akugwira ntchito kapena akungothandizidwa ndi malonda atsopano amene akudzaza gawo loyamba.

Mbiri yomweyi ndi imene akauntanti amagwiritsa ntchito poyerekeza ndalama zimene mwina sizidzabwera, kuti mabuku asaonetse chuma chimene kulibe. Kale, pansi pa lamulo la kalembedwe ka mabuku la IAS 39, kampani inkadikira umboni wakuti ngongole yavuta isanalembe kutayika. Mavuto azachuma a padziko lonse a mu 2008 atachitika, njira imeneyi inadzudzulidwa kuti imaulula zotayika mochedwa. Lamulo la IFRS 9, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, limafuna kuti kutayika kuyerekezedwe kusanachitike, ndipo pa ngongole za makasitomala limalola kugwiritsa ntchito magawo omwewa, lililonse ndi mlingo wake. Sitolo yathu itaona m'mbiri yake kuti imataya 1 pa 100 m'gawo loyamba, kenako 3, 10, 25, mpaka 60 pa 100 m'gawo lomaliza, ingaike padera pafupifupi K4.4 miliyoni mwa K30 miliyoni ija. Milingo imeneyi sikopedwa kwa mnzako; imachokera m'mabuku a bizinesi yomweyo, n'kusinthidwa malinga ndi mmene chuma chikuonekera kutsogolo. Ndipo kuika padera si kukhululuka. Wangongole akadali wangongole.

## Zimene anthu akadasiyana maganizo

Kodi magawo a masiku 30 ndi oyenera aliyense? Amagwirizana ndi kutseka mabuku mwezi ndi mwezi, koma wogulitsa buledi kapena mkaka pa pangano la masiku asanu ndi awiri amaona kuti munthu wochedwa masiku 28 wadya kale maoda anayi akadali m'gawo loyamba la ochedwa. Ena amadula magawo awo pa sabata. Ena akuti kusiya magawo odziwika kumavutitsa a banki ndi ofufuza mabuku amene anazolowera 30, 60, 90.

Kasitomala akalipira osanena invoisi imene akulipira, ndalamazo zithiridwe pati? Kuzithira pa yakale kwambiri kumayeretsa gawo lakumanja, koma kukanabisa dandaulo la ku Mangochi, chifukwa invoisi yokanidwayo ikanaoneka yolipidwa ndipo yatsopano ikanaoneka yochedwa. Kudikira mpaka wolipira anene kumasunga choonadi, koma kumasiya ndalama zambiri zili lende.

Nanga chiwongoladzanja pa ochedwa? Ku Britain lamulo la mu 1998 limalola bizinesi kulipiritsa inzake yochedwa 8 pa 100 pachaka pamwamba pa mlingo wa banki yaikulu ya dzikolo. Ochirikiza njirayi akuti imachotsa phindu la kuchedwa mwadala. Ena akuti wogulitsa wamng'ono sangayerekeze kulipiritsa kasitomala amene amamugula theka la katundu wake, lamulo likhalepo kapena ayi.

Funso limeneli limakula wangongole akakhala boma, khonsolo, kapena kampani yaikulu. Ena amati ngongole yotere ndi yotetezeka chifukwa mwini wake sathawa, choncho isapatsidwe mlingo wa kutayika wofanana ndi wa golosale. Ena amati ndalama yobwera patatha zaka ziwiri, mitengo itakwera, yatayika kale mbali yake ngakhale ilipidwe yonse.

Ndipo ndani azitolera, wamalonda amene amadziwana ndi kasitomala kapena wa muofesi ya ndalama amene sachita naye manyazi? Wamalonda amadziwa tsiku limene golosale ya ku Mulanje imakhala ndi kashi, koma ndi yemweyo amene amapindula oda yatsopano ikatuluka. Mabizinesi ena amamulipira komishoni pokhapokha ndalama zikalowa. Ena akuti zikatero amalonda amayamba kuopa makasitomala atsopano, ndipo sitolo imasiya kukula.